Khanda silikugona usiku, mnyamata sakudzuka m'mawa, agogo akudzuka 3 koloko: vuto lili pati?

Funso: Adokotala, kunyumba kwanga tulo tasokonekera. Khanda langa la masabata 7 likumadzuka maola awiri aliwonse usiku, mwana wanga wamkulu wa zaka 16 ali Fomu 3 amagona cha m'ma 11:30 ndiye kuti adzuke 5 koloko ndi nkhondo, pomwe apongozi anga a zaka 72 amagona ikangokwana 7:30 koma 3 koloko ali maso akuti tulo tawathawa. Kodi ndi matenda? Ndiwagulire mankhwala ogonetsa?

Yankho: Mayi, mankhwala ogonetsawo musagule kaye, olo kwa mmodzi mwa atatuwa. Ndipo mwina mudabwa, amene akundidetsa nkhawa kwambiri ndi mnyamata wa Fomu 3 uja, yemwe mwina pakhomopo mukumuona ngati waulesi. Khandalo likuchita zomwe makanda a msinkhu umenewo amachita, agogo nawo tikawerengetsa maola mupeza kuti akugona pafupifupi zokwanira, koma mnyamatayo ndi amene tsiku ndi tsiku akuperewera tulo kwenikweni.

Kuti zimveke bwino ndiyambe ndi zinthu ziwiri zomwe zimayendetsa tulo mwa munthu aliyense. Choyamba ndi chimene ine ndimachitcha njala ya tulo. Mukadzuka m'mawa njalayi imakhala yochepa, ndiye imanka nikula ola ndi ola mukakhala maso, chifukwa mu ubongo mumaunjikana kanthu kena kotchedwa adenosini, mukagona kamachepa, basi m'mawa mwayambanso. Chachiwiri ndi wotchi ya m'thupi, kagulu ka maselo mkati mwa ubongo kamene kamatsatira kuwala kolowa m'maso. Kukada wotchiyi imalamula thupi kutulutsa melatonini, amene amauza ziwalo zonse kuti usiku wafika, kukacha melatonini uja amatsika. Munthu amagona bwino zinthu ziwirizi zikakumana nthawi imodzi. Nde vuto la kunyumba kwanu ndi loti muli ndi anthu atatu omwe mawotchi awo akuloza nthawi zosiyana: ya khanda sinayambe n'kuyenda komwe, ya mnyamata yatsalira m'mbuyo, ya agogo yathamangira kutsogolo.

Tiyambe ndi kakang'onoko. Khanda kuyambira pobadwa mpaka miyezi itatu limagona maola 14 mpaka 17 pa maola 24, koma mawu ofunika apa ndi akuti pa maola 24, osati pa usiku. Limagona zidutswazidutswa, ola limodzi, awiri, pena atatu, masana ndi usiku chimodzimodzi, chifukwa thupi lake silinayambe kutulutsa melatonini motsata usiku ndi usana. Zimenezi zimayamba kukhazikika cha pa miyezi iwiri kapena itatu. Onjezani kuti kamimba kake ndi kakang'ono ndipo mkaka wa m'mawere umagayika msanga, mwana wotere amayenera kuyamwa ka 8 mpaka ka 12 pa tsiku, nde mukagawa maola 24 ndi ka 12 mupeza kuti kudzuka maola awiri aliwonse ndi masamu ake enieni. Sikuti mkaka wanu ndi wochepa ayi. Ndikunena izi chifukwa apa ndi pomwe amayi ambiri amauzidwa kuti mwanayu sakukhuta mpatseni kaphala kamadzimadzi agone, chonde musatero asanakwane miyezi 6, phala siligonetsa mwana wa masabata 7, limangomuika pa chiopsezo chotsegula m'mimba ndi kuchepetsa kuyamwa.

Pali china chomwe chimapusitsa makolo ambiri. Pafupifupi theka la tulo ta khanda ndi tulo topepuka, tomwe mwa akulu timafanana ndi tulo ta maloto, pomwe mwa inu ndi ine tulo timeneti ndi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu basi. Mwana akakhala mu tulo totere amagwedeza timanja, amamwetulira, amachita tsinya, maso amayendayenda pansi pa zikope, amabuula ngakhale kulira pang'ono, koma ali mtulo ndithu. Mayi akamva kaphokosoko amathamangira kumunyamula, ndiye amene wamudzutsa ndi mayiyo. Tayesani kudikira mphindi imodzi kapena ziwiri mukumuyang'ana, nthawi zambiri amapitiriza yekha. Komanso khanda limayamba ndi tulo topepukati likangogona, tulo tozama timabwera patapita mphindi 20 kapena chapompo, n'chifukwa chake mukamutsitsa kumsana atangotseka maso amadzidzimuka pompo. Dikirani mpaka dzanja lake mukalikweza lizigwa lokha lofewa, mpweya ukuyenda mwakachetechete, apo ndiye mugoneke. Mzungulo umodzi wa tulo take ndi wa mphindi 50 mpaka 60 pomwe wa munthu wamkulu ndi pafupifupi 90, choncho mpata woti adzuke umabwera pafupipafupi.

Chomwe mungachite ndi kuthandiza wotchi yake iyambe msanga. M'mawa mutulutseni pakhonde aone kuwala, masana musatseke makatani kapena kuletsa anthu kuyankhula akagona. Usiku poyamwitsa musayatse getsi lalikulu kapena kumuunika ndi tochi ya foni kumaso, musacheze naye, ayamwe, musinthe thewera ngati pakufunika, agone. Pofika miyezi itatu kapena inayi ana ambiri amayamba kugona chigawo chimodzi chotalikirapo usiku, pa miyezi 6 ambiri amatha maola asanu kapena 6 osadzuka, koma si onse, ndipo amene akudzukabe sikuti walakwika.

Za kagonekedwe ndiyenera kunena mosabisa. Mwana agone chagada nthawi zonse, osati chafufumimba, pamalo olimba osabonyeka, opanda pilo, bulangete lisafike kumaso, mkati mwa neti. Ngati mumagona naye bedi limodzi, ngati mmene ambiri timachitira, asagone pafupi ndi munthu amene wamwa mowa, wosuta fodya kapena wamwa mankhwala ogonetsa, ndipo musagone naye pa sofa. Mwezi wa Juni ndi Julaye kukazizira musalowetse mbaula ya makala kuchipinda chotseka, mpweya wake umapha anthu ali mtulo osamva fungo lililonse. Ndipo khanda lomwe ine ndimaliopa si lodzukadzuka ayi, ndi lomwe likugona mopitirira, mukalidzutsa silikufuna bere, thupi lalefuka, latentha kufika madigiri 37.5 kapena lazizira, likupuma ka 60 kapena kuposa pa mphindi imodzi, maso achita chikasu, matewera onyowa sakukwana 6 pa tsiku, kapena likusiya kupuma kwa masekondi 20 milomo n'kusintha mtundu. Limenelo ndi la kuchipatala tsiku lomwelo, olo pakati pa usiku.

Zaka za pakatipa ndidutsa mwachangu. Wa chaka chimodzi kapena ziwiri amafuna maola 11 mpaka 14, wa zaka zitatu mpaka zisanu 10 mpaka 13 ndipo apa ndi pomwe tulo ta masana timatha pang'onopang'ono, wa ku pulayimale 9 mpaka 12. Ana a msinkhu uwu ndi amene amagona tulo tofa nato kuposa wina aliyense, mutha kuwanyamula kuchoka pa mphasa kupita kuchipinda osadziwa kanthu, ndipo amagona msanga n'kudzuka msanga popanda kukakamiza. Ndikhulupirira mnyamata wanu ali Sitandade 4 anali wotero, ndiye n'chifukwa chake lero mukuona ngati wasintha khalidwe.

Chasintha ndi thupi. Mwana akamatha msinkhu melatonini wake amayamba kutuluka mochedwa, pafupifupi ndi maola awiri poyerekeza ndi kale, komanso njala ya tulo ija imakula pang'onopang'ono kusiyana ndi ali wamng'ono, moti 9 koloko usiku inu maso akulemera iye mutu uli mbee. Mayi wina wofufuza za tulo ku yunivesite ya Brown ku America, Mary Carskadon, ndi amene anaonetsa bwino zimenezi, kuti kuchedwaku kumatsatira pomwe thupi lafika pa kutha msinkhu. Kumapitirira mpaka cha m'ma zaka 20 kenako wotchi imayamba kubwerera. Koma tulo tomwe amafunikira sitichepa, wa zaka 13 mpaka 18 amafuna maola 8 mpaka 10. N'chifukwa chake mu 2014 bungwe la madokotala a ana ku America linapempha kuti sukulu za achinyamata zisamayambe isanakwane 8:30. Kwathu kuno mwana amayenera kukhala atafika pa sukulu cha m'ma 7, ena atayenda mtunda wautali, ena atatunga kaye madzi ndi kusesa.

Tiwerengetse za mwana wanu. Kugona 11:30 kudzuka 5 koloko ndi maola asanu ndi theka. Olo titenge muyezo wotsikitsitsa wa maola 8, akuperewera maola awiri ndi theka usiku uliwonse, Lolemba mpaka Lachisanu ndi maola 12 ndi theka, kuposa usiku wathunthu. Ndipo 5 koloko imene mukumugwedezayo, kwa thupi lake ili ngati 3 koloko kwa inu, melatonini akadali m'magazi. Zotsatira zake mwina mukuziona kale, kusinza m'kalasi makamaka mapiriyodi oyamba, kupsa mtima ndi zazing'ono, mutu kuwawa, kuwerenga chinthu katatu osalowa, Loweruka kugona mpaka 10 kapena 11. Chondipweteka ine ndi choti ana ambiri okonzekera MSCE amadula tulo dala kuti awerenge, ena mpaka kuviika miyendo m'beseni la madzi ozizira kuti asagone, pomwe ubongo umasunga zimene waphunzira masana nthawi yomwe munthu ali mtulo. Ola lomwe wawerenga 1 koloko usiku maso akuyabwa limamubera zambiri kuposa zomwe lamupatsa.

Kungomulamula kuti kuyambira lero uzigona 9 koloko sikugwira, akagona pabedi maso ali gwa mpaka 11 ndipo adzayamba kudana ndi bedilo. Wotchi imasuntha pang'onopang'ono. Khalani naye pansi mugwirizane kuti nthawi yogona izibwerera ndi mphindi 15 pakatha masiku awiri kapena atatu, 11:15, kenako 11:00, kenako 10:45, choncho, pakatha masabata atatu mwafika 9:30. Mbali inayo yesani kumugulira nthawi m'mawa, kusita yunifolomu, kupolisha nsapato, kulongedza mabuku, kutunga madzi, zonsezi zichitike madzulo kuti azidzuka 5:30 m'malo mwa 5. Kuchokera 9:30 kufika 5:30 ndi maola 8 ndendende.

Kuti dongosololi ligwire pali zinthu zitatu zomwe zikaphonyeka zonse zimagwa. Foni ndi yoyamba, osati chifukwa cha kuwala kwake kokha komwe kumachedwetsa melatonini, koma chifukwa macheza a pa watsapu ndi timavidiyo sizitha, nde izichajidwa pabalaza ola limodzi nthawi yogona isanakwane, ndipo zimayenda bwino akaona kuti nanunso yanu mwaisiya pomwepo. Kenako tiyi, khofi, zakumwa za kola ndi zija zopatsa mphamvu zomwe anyamata akuzikonda masiku ano, zonsezi muli kafeini amene amatseka malo omwe adenosini amagwira, munthu osamva njala ya tulo ngakhale ilipo, ndipo kafeini amatenga maola pafupifupi asanu kuti achepe ndi theka, kutanthauza kuti chomwe wamwa 5 koloko madzulo theka lake likadali m'thupi 10 koloko usiku. Ikadutsa 2 koloko masana asamwe. Chachitatu ndi wikendi, ndipo apa ndi pomwe ambiri amagwera. Akagona mpaka 11 Loweruka ndi Lamulungu wotchi imabwereranso pomwe inali, Lamulungu usiku tulo osabwera, Lolemba nkhondo ija yayambiranso. Muloleni awonjezere, koma pofika 7 koloko akhale atadzuka ndipo atuluke panja, kuwala kwa m'mawa ndi komwe kumakokera wotchi kutsogolo. Akafuna kubweza tulo, agone mphindi 20 kapena 30 masana, osati madzulo.

Mukachita izi kwa mwezi koma akadali wotopa ngakhale akugona maola 8 kapena 9, kapena wasiya kucheza ndi anzake, sakudya, akuoneka wokhumudwa masabata awiri kapena kuposa, kapena amaliza mkonono kwambiri n'kumabanika, mupite naye kuchipatala akamuone. Kuchepa kwa magazi, matenda okhumudwa, chamba ndi mowa, zonsezi zimatha kubisala kumbuyo kwa mawu akuti mwanayu amangogona.

Tsopano apongozi. Kuyambira 7:30 madzulo mpaka 3 koloko ndi maola 7 ndi theka, ndipo munthu wopitirira zaka 65 amafuna maola 7 mpaka 8. Mukaonjezera kusinza kwa masana pa mkeka mupeza kuti tulo tawo takwana, tangobwera molawirira. Munthu akamakula wotchi imathamangira kutsogolo, tulo timabwera dzuwa likangolowa n'kutha kusanache. Komanso tulo tozama tija timachepa kwambiri, totsala ndi topepuka, moti galu akauwa, chitseko chikalira, mdzukulu akalira chipinda chinacho, iwo adzuka, ndipo m'mawa amakumbukira kudzuka konseko n'kumati sindinagone. Sakunama, tulo tawo ndi toduladula ndithu. Maso nawo amathandizira, ng'ala ndi kukalamba kwa diso zimachepetsa kuwala kofika ku wotchi ija, ndiye agogo amene amakhala m'nyumba tsiku lonse wotchi yawo imafooka.

Funso loti muwafunse ndi lakuti masana akumva bwanji. Ngati akudzuka 3 koloko koma masana ali ndi mphamvu, akupita kudimba, kutchalitchi, akucheza bwinobwino, palibe chofuna kuchiza, kungowafotokozera kuti maola awo akukwana kumachotsa nkhawa, ndipo nkhawayo ndi imene imawasowetsa mtendere kuposa kudzukako. Ngati akufuna kumadzuka mochedwerapo, njira yake ndi yotembenuza ya mdzukulu wawo: iwo akufunika kuwala kwa madzulo. Azikhala panja cha m'ma 4 mpaka dzuwa kulowa, akadya nsima asapite kukagona pompo, akhale pabalaza powala, wailesi, kucheza, kusenda nandolo kapena nyemba, nthawi yogona izichedwerapo ndi mphindi 15 mpaka ifike cha m'ma 9, ndiye kudzuka kudzafika cha m'ma 4:30 kapena 5. Masana akafuna kugona isapitirire theka la ola ndipo ikhale isanakwane 3 koloko.

Koma musangoti ndi ukalamba musanafufuze chomwe chimawadzutsa. Nthawi zambiri ndi mkodzo. Ngati akumwa mankhwala a bipi, taonani pa paketi, akalemba HCTZ amenewo ndi okodzetsa ndipo amayenera kumwedwa m'mawa, ndakumanapo ndi agogo ambiri amene amamwa madzulo n'kumadzuka kanayi usiku. Kukodza pafupipafupi pamodzi ndi ludzu lalikulu ndi kuonda, akayezetse shuga. Kwa azibambo achikulire chimakhalanso chotupa cha pulositeti. Ena ndi ululu wa mawondo ndi msana, ena chifuwa, ena amalephera kupuma akagona chagada mpaka atsamire mapilo awiri atatu miyendo itatupa, chimenecho chikhoza kukhala mtima ndipo sichodikira. Wina amaliza mkonono waukulu, kenako zii, kenako n'kudzidzimuka ngati watsamwa, masana n'kumangosinza, ameneyo mpweya ukumatsekeka mtulo ndipo zimakweza bipi. Ndipo musaiwale mtima wosweka, agogo amene anataya amuna awo kapena mwana, akudzuka mbandakucha n'kumangoganiza, chakudya osachifuna, amenewo akufunika thandizo la matenda okhumudwa osati la tulo.

Ndinenepo chimodzi chomwe chimandiwawa. Okalamba ena amene ayamba matenda oiwalaiwala wotchi yawo imasokonekeratu, usiku amadzuka n'kutuluka panja osadziwa komwe akupita, pena osavala bwino, ndipo m'midzi mwathu anthu otere akhala akunamiziridwa ufiti, ena kumenyedwa ndi kuphedwa kumene. Ndi matenda a ubongo. Mukaona apongozi ayamba kusochera pa malo omwe amawadziwa, kuiwala mayina a ana awo, kusokoneza usiku ndi usana, apite kuchipatala ndipo achibale ndi anansi auzidwe msanga kuti akudwala. Kusokonezeka kukabwera mwadzidzidzi, dzulo anali bwino lero akubwebweta, ganizani malungo, chibayo, matenda a njira ya mkodzo kapena shuga, ndipo ndi za tsiku lomwelo.

Za mapilisi ogonetsa, anthu amakonda kugula piritoni kapena dayazepamu. Mwa munthu wa zaka 72 thupi limachedwa kuwachotsa, ndiye 3 koloko ija adzukabe kupita kuchimbudzi koma tsopano ali chizwezwe mumdima, apo ndi pomwe amagwa n'kuthyoka fupa la m'chiuno, ndipo okalamba ambiri akathyoka pamenepo sayendanso ngati kale. Piritoni amaumitsa kukamwa, amamanga m'mimba, amatha kutseka mkodzo ndi kusokoneza mutu, dayazepamu thupi limamuzolowera m'masabata ochepa moti kusiya kumavuta. Kachasu kapena kamowa ka usiku nakonso kamagonetsa msanga koma kamadula tulo pakati pa usiku. Kwa khanda mankhwala aliwonse ogonetsa, a kusitolo kaya azitsamba, ndi oopsa chifukwa amatha kufooketsa kupuma. Chomwe mungawagulire apongozi ndi katochi kapena kanyale ka sola pafupi ndi bedi, ndowa kapena chikodzero m'chipinda kuti asamatuluke panja usiku, ndipo muchotse mikeka yopindika ndi zingwe panjira yomwe amadutsa.

Inuyo mayi simunadzitchule koma mukuyamwitsa maola awiri aliwonse, kenako kudzutsa mnyamata 5 koloko, pomwe munthu wamkulu amafuna maola osachepera 7. Poti apongozi amakhala ali maso kale mbandakucha, ngati ali ndi mphamvu ndipo maso ndi miyendo zili bwino, apempheni kuti mukayamwitsa cha m'ma 4 azimutenga mwana n'kukhala naye ali maso pampando mpaka nthawi yoyamwanso, osati kugona naye, inu mupezeko maola awiri osadukiza, bambo ake nawo atengeko chigawo cha madzulo. Mnyamata mugulireni kawotchi ka alamu kotsika mtengo azidzidzutsa yekha, foni ikhale pabalaza. Kwa sabata imodzi lembani mu kope nthawi yomwe aliyense wagona, wadzuka, ndi kusinza kwa masana komwe, ndipo ngati mwana wakana bere kapena inu mwayamba kulira pafupipafupi ndi kulephera kugona ngakhale khanda lili mtulo, musadikire tsiku la sikelo, pitani ndi kopelo mukawaonetse anamwino.